Simbi ya Hamisi ndi Waya Wakuda

Ndinafika ku Chinsapo kutada. Ndinali ndisanapondeko chibadwire. Wakabaza ananditsitsa pachigayo. "Geti lobiriwira, bwana, simungaphonye." Mumdima mageti onse ndi akuda. Ndinagogoda atatu. Geti lachinayi ananditsegulira ndi Hamisi.

Hamisi ndi telala. Tinadziwana ku Mangochi, ine ndikuika mawaya a magetsi pa loji ina, iye akusoka makatani a pomwepo. Masana ndinali nditamuimbira: ndili paulendo wa ku Mchinji, ndigoneko usiku umodzi. Anangoti bwera. Zina sananene.

Zinazo ndinaziona ndekha. Makina osokera atakulungidwa m'chitenje. Mapoto m'thumba la feteleza. Mkazi wake, Salama, atakhala pa sutikesi kuti itsekeke.

"Mukusamuka, alamu?"

"Tikusamutsidwa," anatero Salama. "Mawa m'mawa. Mlandu wa simbi."

Hamisi anafotokoza. Pulotiyo ndi ya Amayi Janet ndi amuna awo, Bambo Enerst, a ku Ntcheu. Nyumba yaikulu kutsogolo. Kumbuyo zipinda ziwiri za lendi, china cha iye, china cha Vaileti womanga tsitsi. Madzulo aliwonse Hamisi akayatsa simbi yositira zomwe wasoka, kunyumba yaikulu mababu amaphethira. Filiji imabuula. TV imazima yokha. Dzulo inazima pakati pa kwaya. Amayi anati basi, zakwana.

"Makasitomala anga onse ndi a mumsewu uno, Malizani. Ndikachoka pano ndiyambira pati?" anatero Hamisi.

Ndinayang'ana foni. Hafu pasiti sikisi. Nthawi yophika, nthawi yabwino. Matenda a mtundu umenewu masana amabisala. Ndinatulutsa choyezera changa chachikasu m'chikwama.

"Tiyeni tikawaone alandilodi."

Amayi Janet tinawapeza kukhitchini, nyemba zili pa hotipuleti. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Inu ndinu ndani?"

"Malizani, amayi. Wamagetsi. Ndipempheko kuona bolodi lanu la magetsi."

"Loya wa a Hamisi?"

"Loya wa mawaya, amayi."

Anaseka mosafuna. Anandilozera m'kolido. Pabalaza Bambo Enerst anali pa sofa, nyuzipepala kumaso. Anayankha moni osaitsitsa.

Ndinavula chivundikiro cha bolodi. Mabuleka ang'onoang'ono anayi odulira magetsi. Pambali pake malo opanda kanthu, ngati dzino lozulidwa. Ndinawaona.

"Amayi, nkhani yake ndi iyi. Magetsi amalowa pa waya wofiira, amabwerera pa wakuda. Wobiriwirayu amapita m'dothi, ndi wachitetezo. Pakati pa wakuda ndi wobiriwira payenera kukhala pafupifupi ziro. Voliti imodzi, awiri, sitidandaula."

Ndinagunditsa timitu ta choyezera. Chimodzi pa kachitsulo komangirira mawaya akuda, china pa ka obiriwira.

Eyiti. Naini. Seveni. Nambala yosakhazikika.

"Zachuluka," ndinatero.

"Simunaone kanthu," anatero Amayi. Anatulutsa mutu pawindo. "A Hamisi! Kayatseni chisimbi chanucho, mlendo aone!"

Hamisi anathamanga. Simbi anali ataimanga kale m'katoni. Tinamva katoni ikung'ambika. Kenako mawu a Salama: "Yayaka!"

Seventini. Babu la m'kolido linaphethira.

Amayi anaomba m'manja kamodzi. "Ehe! Lembani pamenepo!"

"Dikirani pang'ono."

Ndinagwetsa mabuleka onse anayi. Nyumba bii. Filiji zii. Ndinaunika choyezera ndi foni.

Naini.

"Amayi, nyumba yanu yazima yonse. Palibe chomwe chikudya magetsi muno. Naini uyu akuchokera kuti?"

"Mundifunse ine?"

"Alamu! Zimitsani simbi!"

Ziro.

"Yatsani!"

Naini.

"Zimitsani!"

Ziro. Ndinayamba kuseka. Ndimaseka choncho waya akayamba kuulula. Mabuleka ang'onoang'ono amadula waya wofiira yekha, wakuda samukhudza. Ndiye kuti magetsi a m'chipinda cha Hamisi ankabwerera kudzera m'bolodi la nyumba yaikulu. Waya wakuda mmodzi, mabanja atatu.

"Sizingatheke," anatero Amayi. "Alendi ali ndi buleka yawoyawo pamita panja. Tinawapatula. Koma mwaona nokha, ndi simbi."

"Tione ngati ndi simbi yokha. A Vaileti alipo?"

Analipo kalekale, pakhomo, atanyamula chipeso, kasitomala wake ali pambuyo mutu theka womangidwa.

"Asisi, muli ndi dulaya youmitsira tsitsi?"

"Ndili nayo, koma ine musandilowetsemo!"

"Kayatseni."

Anapita akutukwana chapansipansi. Dulaya inalira kumbuyoko. Seveni.

"Vaileti!" anakuwa Amayi. "Nawenso?"

"Ine ndangoumitsa mphepo, mayi!"

"Azimitse. Tsopano inu, amayi."

Ndinakweza buleka imodzi yokha, ya kukhitchini. Hotipuleti inayambanso kutentha. Simbi yozima, dulaya yozima.

Teni.

Hamisi anali atabwerera, akusuzumira paphewa panga. Anawerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani. "Teni! Malizani, nyemba zaposa simbi!"

Vaileti anakhala pansi ndi chiseko. Salama anabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka. Kasitomala uja anafunsa ngati nyembazo zisamukenso mawa. Amayi anamuloza ndi chipande, koma chiseko chikuwatuluka.

Zinali zomveka. Amayi amaphika madzulo. Vaileti amaumitsa madzulo. Hamisi amabwera pamwamba ndi simbi, ndipo iye amasitira pawindo, poonekera. Womaliza kukwera ndi amene ankatchedwa wolemera.

"Kamodzi kokha," ndinatero, "aliyense ayatse zake zonse. Ndikakuwa, muzimitse."

Puloti yonse inabalalika. Simbi. Dulaya. Ketulo. Hotipuleti mbali zonse ziwiri. Ndinakweza mabuleka otsala. Twente-wani. Twente-sikisi. Naintini. Sate. Nambala ikuvina ngati yamwa. TV inayaka, inazima. Kenako fungo. La pulasitiki yopsa, lochokera kumwamba.

"Zimitsani! Zonse!"

Kuseka kunandithera. Nambala ikamakwera mwadongosolo, ndi waya wolemedwa. Ikamalumphalumpha choncho, pali polumikiza polobodoka. Ndinauza Salama ayatse simbi yokha, ndinatuluka kukayeza pabokosi la mita. Wani. Kubolodi naini, pamita wani. Vuto silinali kumsewu. Linali pakati pa mita ndi kolido. M'siling'i.

"Anaika mawaya a zipinda za kumbuyo ndi ndani?"

Pabalaza nyuzipepala inakwera pang'ono.

"Bambo a Tiwonge," anatero Amayi, mawu otsika bwinobwino. "Mlendo akufunsa."

Nyuzipepala inatsika. Bambo Enerst anakonza kukhosi. "Ndinaona kuti waya wakudayu sagwira munthu. Alibe moto. Ndiye kukoka awiri mpaka kumita, kutaya waya chabe. Wofiira ndinakoka. Wakuda ndinangomulowetsa m'bolodi lathu. Pafupi."

"Nanga apa pali dzino lozulidwapa?"

"Panali kabuleka kena kamwano. Alendi akangoyatsa kanthu, iko kugwa. Ndinakachotsa."

"Abambo, kameneko kamawerenga magetsi olowa ndi otuluka. Akasiyana, kamadula. Kankakuuzani zoona."

"Kankanena mwamwano," anatero iwo.

Ndinagwetsa mabuleka onse awiri a pamita. Ndinayeza, ndinayezanso. Palibe moto. Hamisi anagwira makwerero, ine ndinalowa m'siling'i foni kukamwa. Fumbi. Zitosi za makoswe. Ndinatsatira waya wakuda chokwawa. Sindinavutike, mphuno inanditsogolera.

Wayayo anali woduka pakati, wolumikizidwa pongopotokola ndi manja. Pamwamba anakulungapo pepala la shuga. Pepalalo linali litasungunuka. Kopa yada ngati khala. Thabwa la pansi pake lapserera, bwalo lakuda kukula ngati mbale. Ndinayandikiza dzanja. Kutentha.

Ndinadula chidutswacho, ndinatsika nacho. Ndinachiika m'dzanja la Amayi.

"Makoswe anatafuna chaka chatha," anatero Bambo. "Ndinakonza."

"Chinali pamwamba pa chipinda chiti?" anafunsa Amayi.

"Chachiwiri kumanzere."

"Mogona Tiwonge."

Palibe anaseka. Amayi anachitembenuza kachidutswako kawiri. Kenako anayang'ana amuna awo nthawi yaitali ndithu.

"Waya amene munapulumutsayo ali kuti?"

Anali pansi pa bedi. Mpukutu wathunthu, wakuda, wonenepa bwino, uli m'pulasitiki yake. Kabuleka kamwano kanali m'dirowa ya masupuni. Vaileti atakaona anayamba nthungululu, ndipo chiseko chinabwereranso.

Ntchito inatenga maola awiri. Waya wakuda wa nyumba yaikulu ndinamuchotsa yense, ndinakoka watsopano kuchokera pamita mpaka kubolodi, wopanda polumikiza. Wa alendi ndinamumasula m'bolodi, ndinamukokera wakewake mpaka kumita, m'paipi momwe munadutsa wofiira wawo. Kabuleka ndinakabwezera pamalo pake. Bambo Enerst anapatsidwa udindo wogwira tochi. Amayi ankawauza poloza.

"Kumanzere, injiniya."

Nditamanga sikulu yomaliza, ndinakweza mabuleka a pamita.

"Zonse! Yatsani zonse!"

Simbi. Dulaya. Ketulo. Nyemba. TV. Anthu onse anadzadza m'kolido, mitu pamodzi.

Wani. Wani ndi theka. Wani ndi theka. Nambala itaima njii ngati msilikali. Babu osaphethira. Kabuleka phee.

Hamisi anandinyamula. Munthu woonda uja anandinyamuladi. Vaileti anavina ndi dulaya m'manja. Kasitomala anapempha kuti amumalize mutu tsopano, popeza dziko lapeza mtendere.

Amayi okha sananene kanthu za mawa. Anangoti, "Nyemba zapsa, aliyense atenge mbale." Salama anandiyang'ana. Sutikesi sanaimasule.

Ndinagona pakati pa makatoni. Ndinadzuka kusanayere, minibasi za ku Mchinji sizidikira munthu. Ndikumanga nsapato, kunamveka kugogoda. Hamisi anatsegula, nkhope ili gwa.

Amayi Janet. Pamkono bulauzi yoyera ya kumpingo, ndi malaya atatu a Bambo.

"A Hamisi, simbi ija mwalongedzanso?"

"Ayi, mayi."

"Bulauziyi ikufunika naini koloko. Malayawa musathamange nawo, eni ake sakupita kulikonse sabata ino." Anasuzumira m'kati. "Nanga makinawo avala chitenje chifukwa chiyani? Akuzizidwa? A Salama, masulani katunduyu, pakhomo pakuoneka ngati pa depoti."

Salama anadzuka pa sutikesi. Inatseguka yokha, zovala mbwee pansi.

Pageti ndinapeza Bambo Enerst akusesa. Anandiitana ndi chala, ananong'ona. "Amisiri, soketi ya kuchipinda kwathu imathetheka pang'ono. Ndimati ndiione ndekha masana."

"Mayi a Tiwonge!" ndinakuwa. "Bisani sikuludiraiva! Soketiyo isagwiritsidwe ntchito mpaka ndidutse Lachisanu!"

Wakabaza anaima. Ndinakwera. Kunja kunali kutayera pang'ono. Ndinacheuka. Geti linali lobiriwiradi.