Mawu a Bambo Ake m'Bini

Mlembi wa pasukulu anaimba foni kachitatu dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo ulendo uno ulemu unali utamuthera.

"Mayi, mayeso aja ndatumiza, abwereranso. Akuti bokosi lanu la imelo ladzaza. Ana alemba mawa. Ndipite kwina?"

"Musapite kwina, bambo. Tikonza lero lomwe," anayankha Adona.

Dzina loti Adona anawapatsa ndi malemu amuna awo pongoseka, koma msewu wonse unalitola. Shopu yosindikiza mapepalayo inali ya malemuwo. Chiwasiyireni, mayiyu ankaiyendetsa ndi mlamu wake, mchemwali wamng'ono wa malemu, mkazi wa manja achangu ndi pakamwa pachangu kuposa manjawo.

"Ndakhala ndikunena, alamu," anatero mlamuyo akukoka mpando. "Maimelo masauzandemasauzande, ena a makadi a maukwati amene anatha kalekale, eni ake anakwatiranso. Tikuwasungiranji?"

Kugula malo owonjezera kunkafuna khadi ya kubanki, ndipo khadi ya malemu inatsekedwa mwini wake atamwalira. Koma chimene chinkawamanga manja Adona sichinali chimenecho. Penapake m'mulu wa maimelowo munali mawu a amuna awo. Ali m'chipatala, bamboyo anadzijambula pafoni akuimbira mwana wawo wamkazi, amene ankamutcha Kadontho, n'kutumiza ku imelo ya shopu. Foniyo inasowa pa chipwirikiti cha maliro. Adona anamverako kamodzi kokha, analira mpaka mutu kuwawa, ndipo sanayerekezenso kuyandikira. Ankangodziuza kuti mawuwo alipo, mwana akadzakula pang'ono adzamva bambo ake. Kunena zoona, ankaopa bokosilo ngati mmene munthu amaopera chipinda chimene munagona wodwala.

"Tiyambe ndi akuluakulu," anatero mlamuyo. "Amene amadya malo ndi omwe ali ndi zithunzi ndi mafayilo. Tisake onse oposa ma MB asanu, tichotse, basi."

"Ayi. Nyimbo ya mwana nayonso ndi yaikulu."

Mlamuyo anaweramitsa mutu. Malemuwo anali achimwene ake, nayenso ankawasowa.

"Chabwino. Chilichonse chochokera kwa achimwene sitikhudza. Tizichotsa potsata wotumiza, mmodzimmodzi."

Anatsegula kabokosi kosakira maimelo kokhala ndi mipata. Pa wotumiza analemba adiresi ya kampani yogulitsa mapepala ndi inki. Anaika tsiku, kuti abwere okhawo a chaka chatha kubwerera m'mbuyo, poti ntchito zatsopano zinali zikadali zofunika. Anayamba ndi oposa ma MB asanu, kenako n'kutsitsa. Anachonga kabokosi ka pamwamba, koma kameneko kamangosankha a tsamba limodzi, ndiye anadinanso mzere wotuluka pansi pake wosankha onse ogwirizana ndi zimene wasakazo. Kudina kamodzi, onse psiti, ku bini, kumene kumapita maimelo otayidwa.

Anapitiriza choncho. Otsatsa malonda, a makalata a nkhani amene palibe ankawerenga, bungwe lina limene linkasindikizitsa mabuku a misonkhano lisanathe, mkulu wina wojambula zithunzi amene ankatumiza chithunzi chimodzi kasanu poopa kuti sichinafike. Adona anaima kumbuyo, maso ali tcheru pa dzina lililonse la wotumiza. Dzina la amuna awo silinalembedwe mu kabokosiko ngakhale kamodzi, ndipo mtima unayamba kukhala m'malo.

Atatha, mlamuyo anayang'ana kamzere kosonyeza malo. Kanali kofiirabe, kodzaza mpaka kumapeto.

"Aa, ndaiwala. Zili m'bini zimawerengedwabe. Mpaka tikhuthule bini, apo ayi tidikire mwezi kuti zichoke zokha. Mwezi tiutenga kuti?"

Foni inaliranso. Anali mlembi wa pasukulu. Mlamuyo anatsegula bini, n'kulozetsa kamuvi pa mawu okhuthulira zonse.

"Mukadina pamenepo zimabweranso?" anafunsa Adona.

"Sizibwera. Koma ndi zinyalala zokhazokha, mwaona nokha."

"Taimani kaye."

"Alamu, munthu uja atithawa."

"Ndati taimani."

Adona anamusuntha mlamuyo pampando, zimene anali asanachitepo. Analemba adiresi ya amuna awo mu kabokosi kosakira, n'kuchonga kuti abwere okhawo okhala ndi fayilo. Anatuluka angapo: chithunzi cha makina atawonongeka, chikalata cha lendi, mayeso a chaka china. Nyimbo panalibe. Anachotsa chongacho, anasakanso. Maimelo a bamboyo anatuluka, koma ochepa kwambiri kwa munthu amene ankalemba tsiku ndi tsiku ngati alipidwa.

"Sitinakhudze dzina lawo," anatero mlamuyo, mawu atatsika. "Ndikulumbira, simunaone?"

Adona anaona. Koma anakumbukiranso khalidwe la mwamuna wawo, limene ankakangana nalo mpaka kutopa. Bamboyo, mmisiri wa makina amene ankatha kumasula fotokope yonse n'kuibwezera, batani loyambira imelo yatsopano ankalidutsa ngati lili ndi minga. Akafuna kuuza mkazi wake chilichonse, ankangotenga imelo iliyonse imene mkaziyo anamutumizira, n'kuyankha pomwepo. Uthenga woti agule mankhwala a mwana unkabwera pansi pa mutu woti mitengo yatsopano ya inki. Nthawi imene anali m'chipatala, Adona ankamupatsira maimelo a kampani ya mapepala kuti aone mitengo, munthu asamadzimve kuti watayidwa.

"Imelo imamanga pamodzi zonse za mutu umodzi," anatero Adona pang'onopang'ono. "Ya kampani, yanga yopatsira, ndi yankho lawo, zimakhala mtolo umodzi. Ife timasankha mtolo, osati imelo imodzi."

Mlamuyo anagwira pakamwa.

"Ndiye tataya achimwene pamodzi ndi a inki."

Kusaka wamba sikuyang'ana m'bini. Adona anasintha malo osakira kuti akhale bini, adiresi n'kuisiya yomweyo. Tsamba linadzaza. Mzere uliwonse unali ndi mayina awiri kapena atatu, ndi kanambala kakang'ono pambali kosonyeza kuti mkatimo muli maimelo angati. Kanambalako kanalipo m'mawa monse, koma onse awiri maso anali pa dzina loyamba. Chapakati pa tsambalo panali mutu woti mapepala onyezimira atsika mtengo, ndipo pambali pake kachizindikiro ka fayilo. Adona anatsegula. Pansi pa mitengoyo panali mzere umodzi: "Adona, kamuikireni Kadontho amve asanagone." Pansi pakepo, fayilo ya mawu.

Sanalire. Anakwiya, ndipo anakwiyira wakufa, poti wamoyo wolakwa panalibe. Munthu wamkulu, kuika mawu ake otsiriza kwa mwana pansi pa malonda a mapepala!

Foni inalira kachisanu. Mlamuyo anaitenga n'kutuluka nayo pakhonde, ndipo Adona anamumva akunyengerera ndi mawu otsekemera amene sankawagwiritsa ntchito m'nyumba. Atabwerera anali wofatsa.

"Mlembi watipatsa mpaka ana aweruke. Tibweze zonse za achimwene kaye."

Anasankha mitolo yonse ya m'bini yokhala ndi dzina la bamboyo, n'kuibwezera ku bokosi lolandirira. Adona anatsitsa fayilo ija pakompyuta, anaikoperanso pa fulashi, fulashiyo n'kuiponya m'kachikwama ka m'manja. Mlamuyo analowa m'makonzedwe a imelo, anazimitsa zomanga mitolo zija, ndipo imelo iliyonse inaima payokha. Anabwerezanso ntchito yonse, wotumiza, tsiku, kukula, ndipo ulendo uno a inki anapita okha, mayankho a bamboyo n'kutsala. Anachotsanso mafayilo akuluakulu amene shopu inatumizira makasitomala kalekale, poti nawonso amadya malo omwewo. Asanakhuthule, anasaka m'bini dzina la bamboyo, la sukulu, la eni nyumba. Munalibe.

"Dinani ndinu," anatero mlamuyo.

Adona anadina. Kamzere kofiira kanachedwa pang'ono, kenako kanabwerera m'mbuyo. Mlembi atatumizanso, mayeso anafika, ndipo makina anayamba kulavula mapepala ofunda.

Kadontho anabwera kuchokera ku sukulu ya mkaka atagwiridwa dzanja ndi mayi wa pasaluni yoyandikana nayo, nsapato imodzi itamasuka. Anathamangira kwa azakhali ake kukasaka switi m'thumba, monga mwa masiku onse. Adona anamuyang'ana, ndipo mantha a tsiku lonse anawauza kuti zodikira kuti mwana akule zatha. Chinthu chimene chikanapita ndi kudina kumodzi sichinali choti n'kusungira mawa.

"Bwera kuno, mwanangu. Khala pamiyendo panga, umve."

Mlamuyo anaimitsa makina. Mu shopu munangoti zii.

Poyamba kunamveka phokoso la m'chipatala, chitsulo chikugunda penapake, kenako kutsokomola. Ndiye mawu aja anabwera, otopa koma oseka: "Kadontho, Kadontho wanga, wagona kodi?" Anayamba kuimba kanyimbo kongopeka, kopanda mutu, konena za kamwana kokana kusamba. Mlamuyo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Adona anakumbatira mwanayo mwamphamvu, akudikira kuti kathupiko kadzidzimuke, kazindikire.

Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, switi ili m'tsaya, miyendo ikugunda mpando. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana amayi ake ndi nkhope yodabwa.

"Amayi, abambo amenewa ndi a ndani? Dzina langa awauza ndani?"

Adona anali atapulumutsa mawuwo m'bini, koma mumtima mwa mwana anali atafufutika kale, ndipo kumeneko kunalibe pokasaka. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anamukhazika bwino mwanayo pamiyendo, n'kubwezera nyimboyo poyambira.

"Ndi ako," anatero. "Tamveranso."