Maliro a Obed Ali Moyo

Uthenga unafika ku ofesi ya bungwe la alimi a mbatatesi ku Biriwiri m'mawa wa Lachiwiri, nkhungu isanachoke m'mapiri. A Goliati Ngozo, nkhalamba imene inagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, anali atatisiya. Mwana wawo Obed anali mlangizi wa bungwelo.

Wapampando, bambo Chrispine Maseko, analemba okha imelo yodziwitsa ogula mbatatesi, mabungwe anzawo ndi abale a Obed a kunja. Kenaka anaitana Mirriam, mlembi wa pa ofesipo.

"Mayi, tayang'anani mutuwo musanatumize. Koma changu, galimoto ikundidikira."

Pa mzere wa mutu wa imelo panali palembedwa kuti: MALILO A BAMBO A OBEDI NGOZO MAWA KUMUDZI KWAWO TONSE TIKAPEZEKE.

Mirriam anayamba kukonza. Zilembo zazikulu zokhazokha zimakhala ngati munthu akukalipa, choncho anazisiya poyambira ndi pa maina basi. Analemba "maliro" m'malo mwa "malilo", nachotsa "i" pa dzina la Obed chifukwa mwiniwake salilemba choncho. Liwu loti "mawa" analichotsanso, poti wotsekula imelo mochedwa sangadziwe mawa lake, naikapo tsiku lenileni. Mzerewo unali wautali, pa foni ukanaduka, ndiye anafufuta mawu a kumapeto nkungolemba "ku Biriwiri". Kompyuta sinamuthandize, sidziwa Chichewa.

"Mwatha?" anafunsa a Maseko ali pakhomo.

Mirriam anatumiza. Mutuwo unapita uli wotere: Maliro a Bambo Obed Ngozo, Lachitatu ku Biriwiri. Pochepetsa zilembo zija, "a" wa pakati pa "Bambo" ndi "Obed" anali atafufutika. M'kati mwa imelo zonse zinali bwino, koma anthu ambiri anangowerenga mutu pa foni.

Posakhalitsa foni ya mu ofesi inalira. Anali wogula wina wa ku Lilongwe.

"Pepani kwambiri. Munthu tinali naye sabata yathayi ali bwinobwino! Yachitika ndi ngozi?"

Mirriam anatsekula imelo ija, nawerenga mutu akuloza liwu lililonse ndi chala. Mutu wa imelo yotumizidwa kale sungasinthidwe. Analemba ina msangamsanga: Kukonza: Amene amwalira ndi a Goliati Ngozo, bambo ake a Obed. Anauwerenga mokweza, kenaka nkutumiza. Koma uthenga woyamba unali utalowa kale m'mafoni a anthu amene sanali pa mndandanda wake. Foni ya Obed inali yothima, poti anali kothamangira bokosi.

Tsiku la maliro Mirriam anakhala kumbali ya amayi. Chakumasana kunafika Lufina, mchemwali wa Obed, amene ankakhala ku Tete. Mnzake wina anali atamuimbira za mutu uja. Anatsika pa njinga yamoto akulira dzina la mlongo wake. Obed anatuluka m'nyumba ya siwa kuti amulandire. Lufina anaima, nabwerera m'mbuyo.

"Musandiyandikire! Inu ndinu ndani?"

"Ndine, achemwali. Ndine Obed."

"Nanga m'nyumbamo mwagona ndani?"

Lufina anamva za imfa ya bambo ake ali chiimire pabwalo pomwepo, atagwira malaya a mlongo wake amene anamulira ulendo wonse.

Ena obwera kuchokera kutali ankapatsa Obed moni momuyang'ana nthawi yaitali. Pa manda, mkulu wa mpingo powerenga mbiri ya malemu anayamba kutchula "Ob...", nadzigwira pakamwa.

Patapita masiku Obed anabwerera ku ntchito ataonda. Mirriam anaimirira.

"Bambo Ngozo, ndinakulakwirani kwambiri."

"Khalani pansi, mayi. Ndi chilembo chimodzi chabe." Anatulutsa foni. "Koma taonani izi."

Dzina lake linali pa mndandanda wa olandira, ndiye aliyense woyankha kwa onse ankamufikiranso iye. Mayankho anali ndandanda, onse pansi pa mutu womwe uja. Mzimu wake uuse mumtendere. Anali munthu wofatsa. Wasiya ana aang'ono.

"Ndawerenga onse," anatero Obed motsitsa mawu. "Amabwerabe. Lero m'mawa labwera lina. Ndikamadutsa pa manda a bambo ndimayang'ana malo a pambali pake."

Mirriam anaimbira mmodzimmodzi onse amene anayankha molakwika, kuwapempha kuti asayankhenso pa mutu umenewo. Ena anaseka, ena anapepesa. Mayankho analeka kubwera mvula itayamba.

Obed anagwira ntchito nyengo imeneyo mpaka kukolola, kenaka anapempha kuti asamukire ku Kasinje. Mirriam akadali pa ofesi ija. Akalemba mutu wokhala ndi dzina la munthu, amauwerenga mokweza, nkuitana wina kuti auwerengenso. Pa tsiku limene ali yekha, imeloyo imadikira.