Golosale Yoti Itsekedwe

"Tangondionerani manambalawa, Mai Tapiwa," anatero Bambo Saulos, mwini magolosale awiri, akuponya mabuku a malonda patebulo.

Winifred, mayi a Tapiwawo, yemwe anali kalaliki wawo, anawerengetsa masiku awiri, ndipo mtima wake unakhala pansi. Golosale ya ku Nyatsime, komwe mwamuna wake ankagwira ntchito, inkagulitsa kuposa ya ku Unit C mwezi uliwonse.

Atawapatsa pepala la zotsatira, abwanawo anangoliyang'ana n'kulikankhira pambali.

"Nanga mukufuna kudziwa chiyani kwenikweni, bambo?" anafunsa Winifred.

"Lendi yandikulira, mwanangu. Zvakaoma, zinthu zavuta. Nditseke iti?"

Apa m'pamene anazindikira kuti nkhani sinali ya kuchuluka kwa malonda, koma phindu. Anabwerera m'mabuku muja n'kuchotsera mtengo woodera katundu, lendi ndi thiransipoti. Ku Nyatsime kunkayenda kwambiri shuga ndi mafuta ophikira, zinthu za phindu lochepa, ndipo galimoto yokatula katundu inkadya kotsalako. Unit C, ndi timalonda take tochepato, ndiyo inkadyetsa onse.

Anabwereza katatu kufunafuna polakwika, koma panalibe.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa abwana.

"Mutseke Nyatsime," anayankha chapansipansi, akulingalira poyambira kuwauza amuna ake, bambo a Tapiwa.