Mzere Umodzi pa Khadi la Keziya

Chaka chimene mankhwala otalikitsa moyo anafika ku boma, malo anali ochepa ndipo odwala anali mbwee. Pakachipatala kena kufupi ndi Kachebere, namwino Anastazia Zulu anapatsidwa ntchito imene sanaikonde. A Elias Mbewe, mkulu wa pamalopo, anamuunjikira makhadi a odwala amene ankatumizidwa ku chipatala chachikulu Lachisanu.

"Paliponse mwapeza mawu oweruza munthu, mukonze," anatero a Mbewe. "Osafufuta, osang'amba. Dulani mzere umodzi kuti zakale ziziwerengekabe, mulembe zimene zinachitikadi, tsiku la lero, n'kusaina. Kumeneko akaona kuti 'wovuta', amayamba atenga wina."

Anastazia anatsonya chamumtima. Anali mayi wa ntchito, koma lilime lake linali lakuthwa, cholembera chakenso chimodzimodzi. Makhadi a anzake anawakonza mosavuta. Pamene panalembedwa "chidakwa", anayang'ana m'munsi n'kulemba kuti wodwala anati amamwa kachasu katatu pa sabata. Kenako anafika pa khadi la Keziya Namate, mkazi wa tenanti wa fodya, ndipo dzanja linaima.

Mawu awiri a Chingerezi anali pamenepo, otanthauza kuti wovuta ndiponso wosamvera malangizo. Anawalemba yekha mu Meyi, Keziya atadumpha kawiri tsiku lotenga mankhwala a TB. Pansi pake anthu anayi anali atakopera mawu omwewo, aliyense pa tsiku lake, ngati mbuzi zotsata kanjira kamodzi. Anastazia anafuna kulemba zimene zinachitikadi, koma anapeza kuti sankazidziwa. Sanamufunse mayiyo n'komwe.

Lachitatu masana anakwera njinga kupita ku esiteti. Mashedi a fodya anali pululu, opanda tsamba, ndipo mphepo inkangoomba udzu wa padenga. Anamupeza Keziya atatsamira khoma, atatha ngati chitsotso, akutsokomola.

"Mayi, mu Epulo muja chinakulepheretsani n'chiyani?"

Keziya anamuyang'ana. "Mwafunsa lero? Tinkasankha fodya. Akapitawo anati wochoka pashedi salandira chimanga cha mwezi umenewo. Ndinabwera Lamulungu, kawiri konse, wapansi. Ndinapeza loko."

Anastazia anachita manyazi mpaka thukuta. Anapempha kabuku ka kuchipatala, kamene wodwala amasunga yekha, poti mawu aja anawalembanso mmenemo. Keziya anatulutsa kabuku katsopano, kopanda cholembedwa kupatula dzina.

"Kakale ndinakaponya m'chimbudzi. Ine Chingerezi sindiwerenga, asisitala, koma nkhope ndimawerenga. Aliyense akatsegula kabuku kaja, moni umathera pomwepo."

Anastazia anachita mantha. M'kabuku kotayidwako munali mbiri yonse ya TB, umboni umene ukanamulowetsa pa mndandanda wa mankhwala otalikitsa moyo aja. Chotsala chinali khadi la kuchipatala lija.

"Musadandaule, khadi lanu lilipo. Ndikonza lero lomwe, ndipo Lachisanu lipita nanu pa ambulansi."

"Mufufuta?"

"Sitifufuta. Timadula mzere, n'kulemba zoona pansi pake."

"Ndiye kuti mawu aja aziwerengekabe."

"Eya, koma adzaona kuti tinalakwitsa."

Keziya anatembenuza nkhope. Anangoyang'ana kumadzulo, kumene kanjira ka anthu a geni kamadutsa m'minda kulowa ku Zambia. Mwamuna wake, Laston, amene anali pakhomo nthawi yonseyi, anayamba kupopa njinga yake.

Anastazia atabwerera anadula mzere wowongoka pa mawu ake, n'kulemba mosamala: "Sanatenge mankhwala kawiri mu Epulo. Akuti kuntchito ankamuletsa kuchoka, ndipo anabwera Lamulungu n'kupeza potseka. Kuyambira Meyi sanadumphepo." Anasaina. Anayi aja nawo anawatsata mmodzimmodzi kuti adule mawu awo. Khadilo linanena zoona tsopano, koma mtima wake sunakhale pansi.

Lachisanu ambulansi inalira injini kwa theka la ola. Odwala asanu ndi awiri anakwera, mpando wachisanu ndi chitatu unangokhala. Tionge, mayi wa ku esiteti konkuja amene anabwera kusikelo ndi khanda lake, anati Laston anamukweza Keziya panjinga dzulo lake m'mawa, kulowera ku Chipata.

"Keziya anati akufuna kumene sanamuwerengepo," anatero Tionge.

Dalaivala anatseka chitseko n'kunyamuka. Anastazia anadzifunsa: malo a Keziya atenga wina, ndipo ndi kabuku kopanda mbiri kaja, ku Chipatako akayambira pati?

A Mbewe anaika khadilo patebulo. "Lembani za lero, asisitala."

Anastazia anagwira cholembera. Mawu amene anafika msanga kunsonga anali aja anawazolowera zaka khumi: wothawa mankhwala. Anadikira mpaka atadutsa. Kenako analemba tsiku, ndipo pansi pake anati: "Sanabwere. Lachitatu anandiuza kuti zimene ndinalemba ziziwerengekabe."