Mapointi Atatu Otsala

Kalata ya apolisi ndinaipeza pakhomo nditaweruka, miyendo itatupa. Ntchito yanga ndi yosambitsa okalamba m'makomo mwawo, kuyambira ku Burnley mpaka kumapiri komwe basi imachita kusowa. Kalatayo inati kamera inajambula galimoto yanga ikuthamanga mamailosi 37 pa ola pamsewu wosaloleza kupitirira 30. Laisensi yanga inali kale ndi mapointi achilango asanu ndi anayi. Kuwonjezera atatu, khoti likanandiletsa kuyendetsa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ntchito n'kuthera pompo.

Tsiku lomwe analemba m'kalatamo sindinalikumbuke. Msewu umenewo ndimaudutsa ngati khomo la kubafa, ndipo masiku anga onse amafanana.

Achimwene anga a Desmond, omwe malamulo anawaphunzirira pamowa ku bala, anabwera kudzamwa tiyi. Anawerenga masiku ndi zala n'kunena kuti kalata yotere imayenera kufika pasanathe masabata awiri, pomwe iyi yafika patatha mwezi.

"Ponya mubini, Bev. Usawayankhe n'komwe, anthu amenewa ndi mbava."

Ndinalakalaka kuwakhulupirira, koma mtima unakana. Mawa lake ndinaimba foni ku ofesi yomwe inatumiza kalatayo, ndili m'galimoto, sangweji ili pamwendo. Mayi amene anayankha, wotopa ngati ine ndemwe, anati kalata yoyamba inapita m'nthawi yake, koma kunyumba yanga yakale. Banja litatha ndinasintha adiresi pa laisensi, n'kuiwala chikalata cha galimoto. Choncho za masabata awiri zija zinagwa m'madzi. Anandikumbutsanso kuti ndili ndi masiku 28 oti nditchule amene ankayendetsa, apo ayi mapointi asanu ndi limodzi. Nditapempha zithunzi anavomera, koma anati masikuwo sadikira zithunzi.

A Desmond nditawauza, anati zithunzi n'zotayitsa nthawi, sizioneka bwino.

Zinafika nthawi itatsala pang'ono kutha. Nambala inali yangadi. Koma kamera ya pamenepo imajambula chakutsogolo, ndipo woyendetsayo anali atavala chipewa chaubweya chomwe ndinawagulira ndekha a Desmond pa Khirisimasi. M'pamene ndinakumbuka Loweruka lomwe ndinagona ndi chimfine, iwo n'kubwereka galimoto kukataya zinyalala.

Sindinakwiye msanga. Ndinangomva kutopa kofika m'mafupa.

Madzulo ndinawaikira chithunzicho pambali pa kapu yawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, supuni ili m'manja.

"Munkadziwa, achimwene?"

"Ndinkaganiza kuti ingofera m'njira. Inenso ndili ndi asanu ndi anayi, Bev. Ukanditchula, amayi azipita bwanji kuchipatala Lachinayi?"

Zinali zoona. Amayi athu amatengedwa ndi iwo, ine ndikusambitsa amayi a eni ake. Koma kulemba dzina labodza pafomu imeneyo ndi mlandu wa kundende.

Ndinalemba dzina lawo m'zilembo zazikulu, iwo akuona, ndikuwafunsa nambala ya nyumba yawo ngati sindiidziwa. Ndisanamate envelopu ndinaimbira abwana kupempha kuti Lachinayi ndiziweruka masana.