Telegalamu ya Lachiwiri

Mlandu wa Abdel Shakur unali wa nambala 41 pa mndandanda, ndipo pofika masana khothi la ku Tanta linali litangofika pa 17. Madiha, loya wake, anakhala pabenchi la m'khonde atavula nsapato imodzi, mkanjo wakuda atawupinda pamiyendo. Pambali pake panali Nagat, mchemwali wake wa woimbidwa mlanduyo, atafumbata buledi wa nyemba amene anazizira kalekale.

"Mwati pepala la telegalamu lija lithandiza, a loya?"

"Likanathandiza mukanalemba dzina lake."

"Ndinalemba dzina lake. Shiko."

"Limenelo ndi la kunyumba."

"Nanga lalitali lija amalidziwa ndani? Ngakhale malemu bambo ankaliiwala."

Mumsewu wa kwa Nagat mayi aliyense amadziwa chochita apolisi akatenga mwana: usalire kaye, thamanga ukatumize telegalamu yonena zimenezo kwa mkulu wa oimira boma pa milandu ku Cairo. Palibe amene amaiwerenga kumeneko. Chofunika ndi tsiku ndi ola zimene zimadindidwapo. Nagat anatumiza yake Lachiwiri m'mawa. Mapepala a polisi ankati chilolezo chogwira ndi kusecha Shiko chinasainidwa Lachinayi masana, ndipo madzulo ake anamugwira ndi mapiritsi oletsedwa m'thumba, iye n'kuvomera pomwepo kuti amagulitsa. Atafika kwa woimira boma anakana zonse, koma mawu oyambawo anali atalembedwa kale. Akapezeka wolakwa, ndende yake inali ya zaka zambiri.

Anawaitana itangokwana 2 koloko. Shiko anaima m'khola lachitsulo atavala zoyera za oyembekeza mlandu, akutsinzinira diso mchemwali wake. Oweruza atatu anali atatopa. Wapakati ankasisita mphuno pamene pamakhala magalasi.

"Mwachidule, a loya."

"Mwachidule, Olemekezeka. Munthuyu anagwidwa masiku awiri chilolezo chisanatuluke. Kumugwirako n'kosavomerezeka, choncho kusechako, mapiritsiwo, ndi zimene akuti anavomera pamaso pa wapolisi amene anamugwirayo, zonse zigwere limodzi. Nayi telegalamu, yotsimikizidwa ndi ofesi imene inaitumiza."

Woimira boma, mnyamata wa suti yabwino, anaiyang'ana n'kuibweza.

"Apa palembedwa Shiko. Amene ali m'kholamu ndi Abdel Shakur Ramadan Hegazi. A Shiko m'tauni muno tingadzaze nawo basi."

Wina anaseka kumbuyo. Madiha anaidziwiratu mfundoyi, ndipo anakhala nayo sabata yonse ngati dzino lobooka. Anatsegula faelo pa tsamba loyamba, lipoti limene wapolisi analemba popempha chilolezo, lija palibe amene amaliwerenga chifukwa onse amafanana.

"Mzere wachitatu, Olemekezeka. Wapolisi analemba ndi dzanja lake: Abdel Shakur Ramadan Hegazi, wodziwika kuti Shiko, wa mumsewu wa Ophika Buledi, nyumba 9. Telegalamu ikunena msewu womwewo, nyumba yomweyo. Mayiyu sakanalota Lachiwiri zimene apolisi adzachite Lachinayi."

Woweruza wapakati anavala magalasi, nawerenga, nakankhira tsambalo kwa mnzake wa kudzanja lamanja.

"Chigamulo kumapeto kwa milandu ya lero. Wotsatira, 42."

Anadikiranso maola atatu m'khonde. Nagat ananyema buledi uja, napatsa Madiha theka. Anadya limodzi. Kenako kalaliki anatuluka ndi mndandanda, akuwerenga ndi liwu limodzi ngati wolengeza masitima: zaka zitatu, mlandu wasunthidwira tsiku lina, zaka zisanu ndi ziwiri. Pa 41 anati wopanda mlandu, napitirira.

Azimayi ena akanaimba nthungululu. Nagat anangokonza mpango wake.

"Atuluka lero?"

"Adutsa kaye ku polisi, aone ngati alibe milandu ina. Masiku awiri, mwina atatu."

"Polisi yomweyo?"

"Yomweyo."

Nagat anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana pansi.

"Mapiritsi aja anali ake, a loya. Ndinkawaona m'chitini cha tiyi."

"Sindinakufunseni."

"Ndikudziwa. Komatu atamutenga ndinakamuona ku polisi Lachitatu. Sankatha kukweza mkono."

"Zimenezonso khothi silinafunse."

"Ndiye khothi lafunsa chiyani?"

"Lafunsa tsiku."

Madiha anavala nsapato ija, phazi litatupa, naika mkanjo m'chikwama. Mawa anali ndi milandu inayi, iwiri yopanda telegalamu. Ali pamakwerero anamva Nagat akumutsatira, akupuma movutikira, atatambasula chikhatho ndi cholembera.

"Ndilembereni lalitali lija, mayina ake onse. Ndikalisunge, mwina padzafunika telegalamu ina."

Madiha anamuyang'ana kanthawi. Kenako anang'amba kapepala pa faelo, nalemba dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake n'kuwonjezera nambala ya chitupa cha Shiko.