Cheke cha Amalume

Cheke chinabwerera Lachiwiri m'mawa, chili ndi chidindo cha banki chonena kuti funsani mwini wake. Mayi Telala anachiyala pa tebulo lodulira nsalu n'kuchipsinja ndi sizasi. Mwini wakeyo anali malume awo enieni, amene sukulu yawo inali itatenga mayunifolomu oyamba 120. Ndalama zimenezo n'zomwe atelala anayi a m'shopumo ankadikira Lachisanu.

Uthenga woyamba anaulemba mofulumira pafoni, n'kupatsa Madala, telala wamkulu pa onse, kuti aone.

Madala anakweza magalasi. "'Pepani amalume, mwina abanki asokoneza, mukapeza mpata muonepo, palibe changu.' Mayi, palibe changu? Landilodi wangatu sakudziwa zimenezo."

Mashini onse anaima, anthu n'kufa nacho chiseko. Mayi Telala anachita manyazi, chifukwa ankadziwa kuti abanki sanasokoneze kanthu. Munthu wokalipira ogulitsa nsalu mpaka kutuluka thukuta, lero wafewa ngati thonje!

"Alembereni kuti alibe ndalama, asamatinamize," anatero Madala.

"Ayi. Chidindochi sichikunena chifukwa. Zimene sindikudziwa sindilemba."

Mayi Telala anafufuta zonse, n'kukhala tsonga. Analemba moni, kenako nambala ya cheke, tsiku lake ndi kuchuluka kwa ndalama. Anapitiriza kuti: "Banki yabweza chekechi osalipira, ndipo yandidula chindapusa. Chithunzi cha cheke ndi cha chindapusacho ndi izi. Tumizani ndalama zonse pamodzi ndi chindapusa ku akaunti ili m'munsiyi, kapena mubweretse pamanja kushopu, pofika Lachinayi masana. Cheke china sindilandira. Zikalowa ndikubwezerani chekechi ndi lisiti. Mayunifolomu otsala adikira malipiro amenewa."

Anawerenga kawiri, nambala ya akaunti katatu. Chala chinayendayenda pa mawu oti "cheke china sindilandira". Awa ndi amalume omwe anawagulira mashini oyamba. Koma cheke chatsopano chikanatenga masiku kuti chikhwime, Lachisanu n'kudutsa, mwinanso n'kubwerera ngati chinzake. Anawasiya mawuwo, natumiza.

Lachitatu lonse foni inali zii. Mayi Telala anadula makolala tsiku lonse osadandaula, ngakhale mumtima munkawawa. Lachinayi cha m'ma 11 foni inalira: ndalama zalowa, zonse, ndi chindapusa chomwe. Madala anavina pang'ono ndi tepi m'khosi.

Kenako unafika uthenga wa amalume. "Mayi, talipira monga mwa kalata yanu. Lisiti mupatse dalaivala. Zikomo."

Chibadwire, amalumewo anali asanawatchulepo kuti "mayi". Ankangoti "iwe", kapena dzina lachibwana lomwe anawapatsa akukwawa. Mayi Telala anayang'anitsitsa foniyo kanthawi, zinawapweteka ndithu. Kenako anakoka buku la malisiti, ndipo pa mzere wa wolipira analemba dzina la sukulu.